Funso Limene Foni Ingayankhe Ndi Funso Lakufa

Mu ofesi ya aphunzitsi pa sukulu yathu kuno ku Petauke muli nyimbo imodzi imene siitha: ana a masiku ano ndi aulesi, akopera cabe pa foni. Ine ndinali mmodzi wa oyimba nyimboyi, ndipo ndinali kuyimba mokweza kuposa anzanga. Lero ndabwera kudzaitsutsa. Inu acinyamata a m'makomboni amene muwerenga izi, ambiri a inu munakoperapo homuweki, ndipo sindikuyamikirani pa zimenezo. Koma mlandu waukulu ndauika pakhomo pathu, ife amene tigwira coko. Tikapatsa mwana funso limene yankho lake lili kale m'pamfuleti, m'buku la mkulu wake wa caka catha, kapena m'foni ya m'thumba mwake, tisadabwe akapita kukalitola kumeneko. Munthu sapita kudambo kukatunga madzi pamene pompi ili pakhomo.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Temu ina ndinapatsa kalasi langa la mbiri yakale funso lopita nalo kunyumba. Linati: fotokozani zifukwa zimene Kenneth Kaunda ndi cipani ca UNIP analuzira masankho a 1991. Ndinaliona ngati funso labwino, cifukwa nanenso ndinayankhapo lofanana nalo ndili pa sukulu. Mabuku atabwera, ndinakhala pansi usiku ndi bolopeni yofiira. Buku loyamba linali lokoma kuwerenga, cingerezi cosalala, mfundo zoyalidwa bwino: cuma ca dziko cinagwa, mtengo wa kopa unatsika, unga unakwera mtengo, anthu anatopa ndi cipani cimodzi. Buku laciwiri linanena zomwezo. Lacitatu cimodzimodzi. Pofika pakati pa muluwo ndinazindikira kuti ndikuwerenga nkhani imodzi yovala malaya osiyanasiyana.

Cimene cinandiwawa kwambiri ndi ici. Mfundo zonsezo zinali zoona, koma palibe buku ngakhale limodzi limene linachula kuti kuno kwathu Kaunda sanaluze. Pa 31 Okutobala 1991, Frederick Chiluba anatenga mavoti pafupifupi atatu mwa anai alionse m'dziko lonse, ndipo MMD inatenga mipando 125 mwa 150 ya nyumba ya malamulo. UNIP inatsala ndi mipando 25, ndipo 19 mwa iyo inali ya kuno Kum'mawa, kutanthauza mipando yonse ya cigawo cino, kuphatikizapo ya Petauke ndi Nyimba. Ana anga analemba za anthu otopa ndi Kaunda ali khale m'nyumba za anthu amene anamusankha. Ena analemba ambuya awo ali pomwepo akusenda nshawa, mboni yamoyo ya tsikulo, koma palibe anatembenuka kuwafunsa. Adzawafunsa bwanji? Funso langa silinawatume.

M'mawa mwake ndinafuna kulanga kalasi lonse. Mnzanga wina anandiuza kuti pali mapulogalamu amene amauza mphunzitsi ngati nkhani yalembedwa ndi makina. Ndinakana, ndipo ndikanabe mpaka lero. Mapulogalamu amenewo amalakwitsa, ndipo amene apsa nawo kawirikawiri ndi mwana wakhama amene cingerezi cake ndi ca m'buku, copanda zokometsera, cifukwa ndico cimene tinamuphunzitsa. Kunamizira mwana mmodzi wosalakwa kuti wakopera ndi cinthu cimene sadzaiwala moyo wake wonse. Komanso tinene zoona, kukopera sikunayambe ndi ChatGPT mu 2022, kapena ndi Meta AI imene inalowa mu WhatsApp kuno mu 2024. Ife tinali kukopera m'mapamfuleti ndi m'manotsi a amene anatitsogolera. Makina angocititsa kuti nchito yakaleyo ikhale yofulumira ndi yaukhondo. Matenda ndi akale, ndipo ali m'funso.

Funso lakufa mungalizindikire mosavuta. Liwerengeni, ndipo mudzifunse: kodi mwana wa ku Kitwe, wa ku Mongu ndi wa ku Nyimba angalembe yankho limodzimodzi ndi kupata mamalikisi ofanana? Ngati ndi tero, ndiye kuti yankho lilipo kale kwinakwake, ndipo makina alidziwa, pakuti makinawo anaphunzira pa zimene anthu ambiri analemba kale. Zimene zinalembedwa kambirimbiri, monga kugwa kwa kopa ndi zipolowe za unga, makina azidziwa bwino. Zimene sizinalembedwepo, monga zimene mai wina wa m'dziko la mfumu Ndake anaona pa mzere wa voti, sangazidziwe, ndipo akakakamizidwa angopeka. Pamenepo ndi pamene mphunzitsi ayenera kumanga funso lake, pa malire a zolembedwa ndi zosalembedwa.

Temu yotsatira ndinabweza mutu womwewo, koma funso ndinalimanga mwatsopano. Ndinalemba pa bolodi motere. Mu 1991 dziko linasankha MMD, koma Petauke ndi Nyimba anakhalabe ndi UNIP. Pezani munthu mmodzi amene anali ndi zaka 18 kapena kuposerapo m'caka cimeneco, kutanthauza wobadwa mu 1973 kapena kumbuyo kwake. Mufunseni mmene moyo unalili ndi zimene anthu a kwao anali kukamba za masankhowo. Kenaka lembani tsamba limodzi cabe, loyankha kuti: pa zifukwa zimene buku lathu lipereka, ndi citi cimene cigwirizana ndi zimene mwamva, ndi citi cimene sicigwirizana, ndipo inu mukhulupirira ziti? Pansi pake ndinalemba kuti aliyense adzaimirira pamaso panga mphindi 2 kuteteza zimene walemba.

Funsoli lili ndi miyendo itatu, ndipo mukacotsa umodzi ligwa. Mwendo woyamba ndi mboni. Mwana ayenera kulemba pamwamba pa tsamba kuti anakamba ndi munthu wa zaka zingati, wamwamuna kapena wamkazi, amene anali kukhala kuti mu 1991 ndipo anali kudya za nchito yanji. Dzina sindilifuna, ndipo ndinawaletsa kufunsa munthu kuti anavotera ndani, pakuti voti ndi cinsinsi ngakhale papite zaka 30. Mwini akanena yekha, zili kwa iye. Ndinawauzanso kuti ayambe ndi kupempha cilolezo, ndi kuti alembe ziganizo zitatu za munthuyo monga mmene zinatulukira pakamwa pake, kaya m'Cinsenga, m'Cicewa kapena m'Cinyanja ca m'tauni, osazimasulira.

Mwendo waciwiri ndi kugundanitsa. Mphunzitsi akangoti pitani mukafunse ambuya anu, alandira nthano zokoma koma zosasonyeza ngati mwana wamvetsa mbiri. Kumvetsa kumaoneka pamene mwana waika mau a mboni pafupi ndi mau a buku ndi kuona pamene asemphana. Mwendo wacitatu ndi pakamwa. Tsamba lingalembedwe ndi wina aliyense, koma mafunso a mphindi 2 amayankhidwa ndi mwini yekha. Mamalikisi 20 ndinawagawa poyera, kuti pasakhale wodandaula: 4 a kufotokoza mboni, 4 a mau enieni a mboniyo, 6 a kugundanitsa ndi buku, 6 a kuteteza pakamwa. Cingerezi cosalala sindinacipatse malikisi ngakhale imodzi, ndipo ndinalola kuti poteteza mwana alankhule cinenero cimene ali naco omasuka.

Lekani ndikuuzeni za tsamba limodzi. Linali la mtsikana wina wacete, amene akhala ndi amai ake aang'ono kuno ku boma koma kwao ndi kumudzi, mbali ya Nyimba. Pa holide anapita kwao nakamba ndi ambuya ake aakazi, mlimi wa cimanga ndi nshawa. Cingerezi ca tsambalo cinali copunduka, zilembo zina zofufutidwa. Koma pakati pake panali mfundo imene inandiimitsa. Buku linena kuti anthu anakwiya ndi kukwera kwa mtengo wa unga, ndipo linena zoona: mu Disembala 1986 kunabuka zipolowe ku Kopabeluti, mu Juni 1990 zinabukanso ku Lusaka, ndipo pa 30 Juni pomwepo Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma, ngakhale kuti sizinapite patali. Mtsikanayo analemba kuti ambuya ake anaseka atamva zimenezi, nati iwo sanali kugula unga wa m'thumba, anali kusinja cao ndi kupita naco ku cigayo. Nkhawa yao inali ina: kodi feteleza abwera pa nthawi yake, kodi a koparetivu abwera kudzagula cimanga, ndipo kodi boma latsopano lidzapitiriza zimenezo?

Ndiye mwanayo anamaliza yekha kuti cifukwa ca m'buku ndi ca anthu ogula unga, a m'matauni ndi m'migodi, pamene ambuya ake anali ogulitsa cimanga. Mtengo umodzi womwewo uluma wogula mosiyana ndi wogulitsa. Ine sindinaphunzitsepo zimenezo m'kalasi. Anazipeza yekha pamphasa, ndipo ndiyo mfundo imene ophunzira a ku yunivesite amalembera masamba ambirimbiri.

Sanathere pamenepo. Ambuyawo anamuuza kuti pa pepala la voti la 1991 panali cule. Mtsikanayo analemba mauwo monga anawamvera, kenaka pansi pake anati aganiza kuti ambuya asakaniza zaka. Cule ndi wa nthawi ya cipani cimodzi, imene inayamba mu Disembala 1972, pamene Kaunda anali kuima yekha ndipo anthu anali kungosankha inde kapena iai, cinyama cikuimira iai. Masankho otere omaliza anali a 1988. Mu 1991 panali anthu awiri opikisana, ndiye cule analibe malo. Atabwera kudzateteza, ndinamufunsa kuti, popeza ambuya ako analakwitsa za cule, tiwakhulupirire bwanji pa za feteleza? Anakhala cete pang'ono, nati, "Aphunzitsi, voti anaponya kangapo cabe pa moyo wao, ndiye zaka zingasokonezeke. Koma feteleza anali kuyembekezera caka ciliconse. Cimeneco sangaiwale." Ndinamupatsa 6 pa 6. Mwana ameneyu anacita nchito yeniyeni ya wolemba mbiri, kuyeza mboni, kuona pamene ndi yolimba ndi pamene ndi yofooka, popanda kuitaya yonse ndi popanda kuimeza yonse.

Tsopano ndikuuzeni za tsamba lina, kuti musaganize kuti njira iyi ndi mankhwala ocizira zonse. Mnyamata wina wocenjera, wa m'komboni ya pafupi ndi msika, anabweretsa tsamba laukhondo, lokhala ndi ambuya aamuna a zaka 70 amene anayankha funso lililonse mwadongosolo. Makina akauzidwa kuti apeke kukambirana ndi nkhalamba ya ku Petauke, amapeka, ndipo mphunzitsi amene aganiza kuti kungochula dzina la mudzi m'funso kwatseka khomo adzinamiza. Koma copeka cili ndi fungo lake. Ambuya a mnyamatayo analankhula ngati buku: anachula kugwa kwa cuma, ufulu wa anthu, mphepo ya kusintha. Sanachule dzina la mtsinje, la sukulu imene anavoterako, la munthu amene anakangana naye pa mowa. Sanalakwitse kanthu, sanapatuke, sanadandaule za bondo kapena za mvula. Nkhalamba yeniyeni ukaifunsa za masankho iyamba ndi ng'ombe imene inafa caka cimeneco. Ndipo ziganizo zitatu za Cinsenga zimene ndinapempha zinali Cicewa ca m'buku, copanda lomba, copanda ngako, copanda tenze.

Sindinamunene kuti wakopera, pakuti umboni ndinalibe. Ndinangomufunsa mafunso amene ndifunsa aliyense. Munakhala pati pokambirana? Anali kucita ciani ambuya pamene munawapeza? Ndi funso liti limene anakana kuyankha? Ndi ciani cimene ananena cimene iwe sunalembe? Funso lothera ili ndilo msampha weniweni, cifukwa amene anakambadi ndi munthu amakhala ndi zotsala zambiri kuposa zimene analemba, pamene wopeka alibe cotsala ngakhale cimodzi. Mnyamatayo anayang'ana denga, nayang'ana nsapato zake, kenaka anaseka yekha nati, "Aphunzitsi, ndipatseniko sabata imodzi." Ndinamupatsa.

Zimene anabweretsa pambuyo pake zinandiphunzitsa kanthu inenso. Ambuya alibe, onse anamwalira, ndipo anacita manyazi kunena. Cinali colakwa canga kuti pofotokoza funsolo ndinali kungoti ambuya, ambuya, ngati kuti mwana aliyense ali nawo pafupi. Ulendo uno anapita kwa mdala wina wokonza njinga pa msika, amene mu 1991 anali kusewenza ku migodi nabwerera kwao atacotsedwa nchito. Mdalayo ananena yekha kuti anavotera MMD ndi mtima wonse, ndipo atabwera kumudzi pa Khirisimasi abale ake anamuona ngati wogulitsa mtundu. Mnyamatayo anaika mau amenewo pafupi ndi buku, napeza kuti kwa mboni yake buku linena zoona ndendende. Tsamba lake ndi la mtsikana uja anatsutsana, ndipo onse awiri anali olondola. Ndinawaimiritsa pamodzi kutsogolo kwa kalasi, ndipo phunziro la tsikulo linadziphunzitsa lokha: Nsenga mmodzi ku mgodi, Nsenga wina kumunda, dziko limodzi, masankho amodzi, mimba ziwiri zosiyana.

Masamba ena anabweretsa zifukwa zimene buku silichula n'komwe. Mboni zina za kufupi ndi malire zinakamba za mantha a nkhondo ya ku Mozambique, pamene zigawenga za RENAMO zinali kudumpha malire ndi kuvutitsa midzi ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo othawa nkhondo anali kusungidwa ku Ukwimi. Nkhondoyo inatha mu Okutobala 1992, ndiye pa tsiku la voti inali ikali mkati, ndipo ena anati sunali nthawi yosintha woyendetsa bwato lili pakati pa Luangwa. Zina zinachula akuluakulu a UNIP ocokera Kum'mawa, monga Grey Zulu ndi Reuben Kamanga, kuti cipanico anali kuciona ngati cao. Zina zinati sizinavote konse, ndipo mwana wina anapita kukafufuza napeza kuti m'dziko lonse amene anavota sanafike theka la olembetsa. Ine sindinauze kalasi kuti cifukwa ceniceni ndi citi. Mboni makumi angapo za m'tauni imodzi sizingaimire cigawo conse, ndipo ana ena anazindikira okha malire amenewo. Amene analemba zimenezo ndinawaonjezera malikisi.

Ndidziwa zimene anzanga a mu ofesi adzanena, cifukwa ananena kale. Coyamba ati nthawi kulibe. Kucokera pamene maphunziro anakhala aulere mu 2022, makalasi adzaza, ndipo mphunzitsi wa ana 70 angamve bwanji aliyense payekha? Tiyeni tiwerenge. Ana 70, mphindi 2 aliyense, ndi mphindi 140, mapiriyodi anai osakwana a mphindi 40. Ine sindiimitsa phunziro. Ndiitana ana 10 pa tsiku pamene anzao alemba nchito ina, ndipo m'masabata awiri ndatha. Ndicita izi kamodzi pa temu, osati sabata iliyonse. Ndipo popeza ndinalamula tsamba limodzi cabe, kuconga kwake ndi kwacangu kuposa masamba anai a nkhani yokopera. Ndiuzeni, nthawi yotayika ndi iti: kumva mwana akuganiza kwa mphindi 2, kapena kukhala mpaka pakati pa usiku kupatsa mamalikisi foni?

Caciwiri ati mayeso a Examinations Council of Zambia safunsa za ambuya a munthu, afunsa zaka ndi zifukwa, ndiye tikuwataitsa nthawi ana. Apa ndivomera theka. M'cipinda ca mayeso mwana afunika kukumbuka zaka ndi maina, ndipo ine ndiphunzitsabe zimenezo ndi kuziyesa m'kalasi, mafoni ali m'zola, ine ndili ciimire. Kumeneko ndiye kwao kwa funso lokumbukira. Colakwa ndi kulituma kunyumba, kumene kulibe woyang'anira. Koma theka linalo ndikana. Mtsikana uja sadzaiwala kuti cipani cimodzi cinayamba mu 1972 ndi kuti masankho ake omaliza anali mu 1988, cifukwa anagwiritsa nchito zakazo kugwira colakwa ca ambuya ake. Caka cimene wagwiritsapo nchito cimamatira m'mutu kuposa cimene unangoloweza usiku wa mayeso.

Cacitatu ati ndale n'zoopsa, makolo adzati mphunzitsi akopa ana ku cipani. Nkhawa iyi ndi yoona, ndipo ndico cifukwa cake ndinasankha masankho a zaka zoposa 30 zapitazo, ndinaletsa kulemba maina, ndinaletsa kufunsa za voti ya munthu, ndipo ndinadziwitsa akulu a sukulu ndisanayambe. Amene aopabe angasankhe mutu wina, njira ndi yomweyo. Funsani za cilala ca 1992 ndi cimanga cacikasu. Funsani za amuna amene anapita kukasewenza ku Wankie, ku Salisbury ndi ku Joni, ndi akazi amene anatsala. Funsani mmene Tuwimba ya kwa Kalindawalo ifotokozera ciyambi ca Ansenga, muyerekeze ndi zimene buku linena. Mutu uliwonse ukhale ndi mboni, kugundanitsa ndi pakamwa.

Ena ati tingoletsa mafoni, nkhani yatha. Ku sukulu mungaletse, koma kunyumba muletsa bwanji? Ine ndinauza ana kuti afunse makina ngati afuna, koma yankho lake alione ngati mboni inanso, yoyenera kuyezedwa monga ambuya aja. Mtsikana wina anacita zomwezo. Anabweretsa zifukwa zimene foni inamupatsa, nalemba m'mbali mwake kuti zonse ndi za Lusaka ndi Kopabeluti, palibe ca mlimi. Ameneyo sanakopere. Anaweruza makina, ndipo luso limenelo adzalifuna moyo wake wonse, popeza dziko limene akulowamo ladzala ndi mau osalala opanda mwini.

Palinso malire amene sindinawagonjetse. Mwana wamanyazi, kapena wacibwibwi, avutika poteteza pakamwa ngakhale nchito anaigwira yekha. Oterewa ndimawamva paokha pa nthawi yopuma, osati pamaso pa anzao, koma ndidziwa kuti ena amataya malikisi imodzi kapena ziwiri cifukwa ca mantha cabe. Mkulu wake wa mwana angamuthandize kulemba ndi kumukonzekeretsa mayankho. Koma ngati wamukonzekeretsa mpaka mwanayo angathe kundiyankha cifukwa cake akhulupirira mboni pa ici osati pa ico, ndiye kuti waphunzira, ndipo sindidandaula kuti waphunzira kwa ndani.

Tsopano kwa inu acinyamata. Mukalandira funso lakufa, ndidziwa ciyeso cimene cimabwera, mabando alipo, nthawi yatha, mawa m'mawa buku lifunika. Sindidzanama kuti mphunzitsi adzakugwirani, kawirikawiri sadzakugwirani. Koma onani cimene mutaya. Anthu amene anaima pa mzere mu 1991 lero ali ndi zaka zoposa 50, ambiri 70 ndi 80. Amene anaona ufulu wa 1964 ali akulu atsala owerengeka. Maliro alionse a nkhalamba m'komboni mwanu ndi buku limene latsekedwa osawerengedwa, ndipo makina sadzalipeza, cifukwa palibe analilemba. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera kwa amene anawamva. Ngati mbiri ya Petauke ndi Nyimba idzalembedwa ndi anthu amene adziwa kusiyana kwa wogula unga ndi wogulitsa cimanga, olembawo ndinu. Mungathe kuukitsa funso lakufa ngakhale mphunzitsi sanakutumeni. Lembani zimene buku linena, kenaka onjezerani ndime imodzi yoyamba ndi mau akuti, koma munthu wina wa kwathu amene analipo anandiuza kuti. Mphunzitsi wabwino adzaimirira pampando. Woipa adzadula ndi bolopeni yofiira, ndipo pamenepo mudzadziwa kuti waulesi ndani.

Kwa anzanga a coko, pempho langa ndi limodzi. Musanalembe funso pa bolodi Lacisanu, liyeseni pa foni yanu. Likayankhidwa bwino m'kamphindi, lifufuteni, kapena lisungeni kuti mudzalifunse m'kalasi. Ife tinapita ku yunivesite, tili ndi madigiri, koma timatenga mafunso m'mapepala a mayeso akale osasinthako ngakhale liu limodzi, kenaka tidzudzula mwana kuti wakopera. Iye wakopera yankho, ife tinakopera funso. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timalandira malipiro pa kutha kwa mwezi.

Temu ino funso langa ndi la cilala ca 1992. Mnyamata uja wa ku msika wandiuza kale kuti mboni yake waipeza, mai wina wogulitsa nthoci pa mseu ku Nyimba, ndipo wapempha kuti tsamba limodzi ndi locepa. Ndamukaniza. Zotsalazo adzandiuza pakamwa.